Liwiro la koloko limalamulidwa ndi njira yochedwetsetsa

"Ndamanga dera lophatikiza manambala a mabiti 16 pakati pa marejisita awiri. Pa megahezi 50 likugwira bwino, koma pa 100 nthawi zina yankho likutuluka lolakwika. Ndingadziwe bwanji malire ake?"

Musayambe ndi kusintha zipangizo. Yambani mwapeza njira imene siginolo imatenga nthawi yaitali kuposa zonse, kuchokera pa rejisita yotumiza kukafika pa yolandira. Koloko ikagunda, siginolo iyenera kutuluka, kudutsa mageti onse, n'kukakhazikika kutsogolo koloko isanagundenso. Ngakhale njira zina zonse zikhale zachangu, imodzi yochedwayo ndiyo imalamula dera lonse.

Nthawiyo ili ndi zigawo zinayi: imene filipifulopu, kachipangizo kosunga biti imodzi mu rejisita, imatenga kuti itulutse deta koloko ikagunda, ya mageti, ya mawaya, ndi imene deta iyenera kukhala itakhazikika kale kugunda kotsatira kusanafike.

```
T_min = t_cq + t_logic + t_wire + t_setup
f_max = 1 / T_min
```

Ndikuganiza kuti dera lanu ndi lija lopatsirana, longa masamu akusukulu: tilemba 0, tisunga 1. Biti iliyonse imadikira kuti mnzake wam'munsi aipatse 1 wosungidwayo, choncho njira yochedwetsetsa imayambira pa biti yoyamba mpaka yomaliza. Tiyerekeze kuti filipifulopu imatenga nanosekondi imodzi, biti iliyonse 0.6, mawaya onse 1.4, ndipo kukhazikika kumafuna 0.5.

```
T_min = 1.0 + (16 x 0.6) + 1.4 + 0.5 = 12.5 ns
f_max = 1 / 12.5 ns = 80 MHz
```

Pa megahezi 50 mpata wa pakati pa kugunda kuwiri ndi mananosekondi 20, ndiye pamatsala 7.5. Pa 100 mpatawo ndi 10 basi, kutanthauza kuti mwaperewera 2.5. Chotsalacho n'chimene mapulogalamu oyeza nthawi amalemba kuti slack, ndipo chikakhala ndi chizindikiro chochotsera dera lalephera. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa angawa, koma pa pepala la chipangizo tengani a mu mzere wa max, osati typ. Chipu ikatentha kapena voteji ikatsika mageti amachedwa, ndipo n'chifukwa chake dera limatha kugwira likangoyatsidwa n'kuyamba kulakwa likafunda.

Zoti likulakwa mwa apo ndi apo zisakudabwitseni. Mukaphatikiza 3 ndi 5, 1 wosungidwayo amangoyenda mabiti atatu n'kuima, yankho n'kufika nthawi ikadalipo. Yesani 0xFFFF + 0x0001, pamene ayenera kudutsa mabiti onse 16. Mukaona kuti mabiti apamwamba ndiwo akulakwa, ndipo vuto likutha mukatsitsa koloko, mwaligwira.

Chimene ndingakulangizeni n'kudula njirayo pakati. Ikani rejisita pambuyo pa biti yachisanu ndi chitatu, kuti mabiti 8 am'munsi aphatikizidwe pa kugunda koyamba, 8 apamwamba pa kwachiwiri. Ngati mawaya nawonso agawika pakati, mupeza 1.0 + 4.8 + 0.7 + 0.5, omwe ndi mananosekondi 7, pafupifupi megahezi 143. Taonani kuti liwiro silinawirikize kawiri, chifukwa nthawi ya filipifulopu ndi ya kukhazikika mumazilipira pa chigawo chilichonse. Yankho lililonse lizichedwa ndi kugunda kumodzi kowonjezera, ngakhale mayankho azitulukabe pa kugunda kulikonse. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: mabiti 8 apamwamba a manambala olowa ayeneranso kudikira mu rejisita, chimodzimodzinso theka lam'munsi la yankho. Mukaiwala, muphatikiza theka la nambala ino ndi theka la yotsatira. Ngati kuchedwa kwa kugunda kumodziko simungakulole, sinthani kamangidwe n'kugwiritsa ntchito dera lowerengeratu 1 wosungidwa m'magulu a mabiti anayi, koma limadya mageti ambiri.

Koloko nayo sifika pa marejisita onse nthawi imodzi. Ikachedwa kufika pa yolandira, mpata wanu umakula pang'ono. Ikafulumira, umachepa, ndipo kusiyanako muziwonjezera pa T_min. Koma kuchedwa kwa koloko kufika pa yolandira kumabala vuto lina. Deta yakale iyenera kukhalabe kwa kanthawi koloko itagunda, ndipo pa njira yaifupi kwambiri deta yatsopano ingafike msanga n'kuifufuta:

```
t_cq(min) + t_logic(min) >= t_hold + t_skew
```

Mulibemo liwiro la koloko m'menemu, choncho kutsitsa koloko sikuchiza vutoli. Mankhwala ake n'kuchedwetsa njira yaifupiyo kapena kukonza kagawidwe ka koloko.

Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu yoyeza nthawi, iuzeni kaye koloko imene mukufuna, apo ayi ilibe poyerekezera:

```
create_clock -period 10.000 [get_ports clk]
```

Kenako tsegulani njira yokhala ndi slack yoipitsitsa, muone ngati nthawi yambiri ikuthera m'mageti kapena m'mawaya. Ikakhala m'mawaya, yambani mwayandikizitsa zigawozo musanadule njira. Mukakonza yesaninso, poti njira imene inali yachiwiri tsopano ndiyo yatenga malo.