Kapushoni ya gulu la mukando: moni kaye, kenako nambala

"Abale ndithandizeni, andisankha kuti ndizilemba makapushoni pa peji ya gulu lathu la mukando kuno ku Harare. Ndikalemba mwaulemu akuti ndikumveka ngati banki, ndikalemba mocheza akuti ndikumveka ngati wakatapila. Ndizilemba bwanji?"

Achemwali, vuto limenelo ndinadutsamo, ndine mlembi wa gulu lathu ku Mufakose, tilipo amayi 15 ndipo aliyense amaponya $20 pamwezi, basi ngati banki m'khonde ya kumudzi ija. Kucheza musasiye ayi, chomwe chimakuchititsani kumveka ngati wakatapila ndi pamene mawu okoma achuluka koma nambala palibe. Anthu a kuno anapsa kale, amakumbukira za 2008 ndalama zitasanduka mapepala, ndiye ukawauza zokoma zokhazokha amangoti mmm, apa pali chobisika.

Kapushoni yanga yoyamba ndinalemba chonchi, ndinaika pansi pa chithunzi cha madola atayalidwa pa tebulo: "Mavuto atha amayi! Ngongole yachangu, chiwongola dzanja chochepetsetsa, bwerani nonse!!!" Ine mumtima ndimati ndalemba mwachikondi. Madzulo ake mayi wina wamkulu yemwe amagulitsa tomato wooda ku Mbare Musika anandiimbira foni, akuti mwana wanga, chochepetsetsacho ndi zingati? Ndinayankha kuti 10 peresenti. Iwo akuti pamwezi kapena pachaka, nanga ndikachedwa? Ndinachita manyazi chifukwa zonsezo ndimazidziwa koma sindinalembe, ndipo mayi aja anandiuza kuti chithunzi cha ndalamacho chikuitana akuba ku nyumba ya msungichuma wathu. Ndinachichotsa usiku womwewo.

Pano ndimalemba chonchi, chithunzi chake ndi kope lathu lotseka ndi manja a amayi atagwirana, nkhope osaoneka:

"Mwaswera bwanji amayi athu? Kumapeto kwa mwezi kwayandikira, tikudziwa za fizi ya ana. Membala akabwereka $100 lero amabweza $110 pakatha mwezi umodzi, zonse mu USD. Mukaona kuti zivuta, uzani komiti tsiku lisanafike tikhale pansi. Tikumana Loweruka 2 koloko, malo omwe aja."

Taonani, chikondi chili pa moni, pa kukumbukira fizi, ndi pa mawu oti tikhale pansi. Pakatipo ndi nambala yoyera yopanda zokometsera. Ndinasiya kulemba peresenti yokha chifukwa 10 peresenti munthu aliyense amaimva mwake, wina ankaganiza kuti akasunga $100 ija miyezi itatu abwezabe $110 pomwe malamulo athu amati $10 mwezi uliwonse, ndiye kuti $130, ndipo mkangano wake unatenga msonkhano wonse. Lembani ndalama yobwereka, ndalama yobweza ndi tsiku, zitatuzi zikhale mu chiganizo chimodzi kuti munthu akatumizira mwamuna wake pa WhatsApp zisaduke.

Ndipo kuno musaiwale kutchula mtundu wa ndalama, chonde. Chibwerereni ndalama ya dziko lino yotchedwa ZiG mu Epulo 2024, chizindikiro cha $ pachokha sichikwanira, wina adzabwera ndi ZiG nkumati simunanene. Ngati mumalandira pa EcoCash nenaninso kuti machaji otumizira alipira ndani, ife tinagwirizana kuti ndi wotumiza ndipo ndimazilemba mwezi ndi mwezi olo zikhale zobwereza.

Mawu oti "bwerani nonse" aja ndinawasiyiratu. Gulu lobwerekana lokhalokha ndi nkhani ina, koma kubwereketsa anthu akunja ngati bizinesi kumafuna laisensi yochokera ku Reserve Bank of Zimbabwe, ndiye kapushoni yanu isaitane anthu omwe si mamembala. Ngati muli kampani ya ngongole zing'onozing'ono yolembetsa, dzina lenileni la kampani lizioneka pa positi iliyonse. Mawu ngati "phindu lotsimikizika" nawonso ayi, pogawana mu Disembala ndalama imatengera mmene anthu abwezera, inu simungalonjeze.

Pomwe mtima umayesedwa kwenikweni ndi pa obwereka ochedwa kubweza. Amayi ena adzakukakamizani kuti lembani maina awo pa peji aone manyazi, musalole, ngakhale kuwatchula mozungulira koti "ena a ku Dzivarasekwa akudzidziwa" chifukwa pagulu laling'ono aliyense amadziwa ndi ndani, ndipo ena onse amayamba kuopa kubwereka. Ine ndimangolemba kuti "Amayi, ngongole za mwezi uno zibwezedwe pofika pa 30, zikomo kwa omwe mwabweza kale", ndipo wochedwayo timamuyendera awiriawiri kunyumba kwake.

Musanaposite, tumizirani msungichuma ayang'ane manambala, kenako muwerengereni mokweza membala wamkulu pa onse. Akafunsa kuti "zingati?" kapena "liti?" bwererani mukaonjeze pamenepo. Mukafuna ikani kapushoni yanu imodzi pansipa tiikonzere limodzi.