Firiza yanunkha magetsi atathima masiku asanu: muyambire pati?

"Tinachoka pakhomo kwa sabata ndi theka. Tikubwera, aneba akutiuza kuti magetsi anathima masiku asanu. Pano anayaka, ndipo zonse za mu firiza yathu, ija yotsegulira pamwamba, zaumanso gwa, koma fungo lake munthu sungaime pafupi. Pansi pali ayisi wofiira. Kodi chilipo choti n'kupulumutsa? Nanga firizayo idzasiya kununkha, kapena tingoitaya?" — Mayi wa ana atatu

Pepani Mayi, zakudyazo ndiye zapita. Firiza yodzaza bwino, ngati palibe akuitsegula, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, ndipo ikakhala ya theka ndi maola 24 okha. Kupitirira apo nyama imasungunuka, ndipo ikangofunda kudutsa madigiri 4 tizilombo timayamba kuswana. Kuumanso kuja sikupha tizilomboto, kumangotigoneka. Tina timasiya poizoni amene saphwanyika ngakhale muwiritse nyamayo mpaka kufewa. Musalawe, musanunkhize phukusi lililonse kuti mwina ili lapulumuka, ndipo agalu musawapatse.

Koma musafulumire kuzula pulagi. Kuuma kumene kwakukhumudwitsaniko n'kumene kukuthandizeni. Nyama yowola ikakhala youma sidontha ndipo fungo lake limachepa, choncho itulutseni ili chomwecho. Konzekeranitu kumene mukataye, kaya ndi dzenje lakuya loti nyama zakutchire zisafukule, kaya ndi tsiku lomwe otenga zinyalala amabwera. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, ndipo phukusi lililonse lilowe m'majumbo awiri omanga pakamwa. Zomwe zamatirira pansi zisiyeni kaye, zichoka ayisi akayamba kusungunuka.

Tsopano zulani pulagi pakhoma, musangothimitsa pa batani, chifukwa mugwira ntchito ndi madzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphera firiza yabwinobwino. Amatenga mpeni n'kuyamba kugoba ayisi. Mapaipi oyenda gasi ali kuseri kwenikweni kwa khoma lam'kati, ndipo khomalo n'lopyapyala. Mukangoboola mumva "fwiii", basi firiza yafa, komanso gasi wa m'mafiriza ambiri a masiku ano, R600a, amayaka moto. M'malo mwake ikani mabeseni a madzi ofunda pa thaulo m'katimo, dikirani, kenako kankhani ayisiyo ndi chikombe chamtengo kapena chinthu chapulasitiki. Chigumu chofiira chapansicho chikangomasuka chinyamuleni chisanasanduke madzi.

Madzi otsalawo ndimakonda kuwakapa ndi kapu ndi nsanza kusiyana ndi kuwatulutsira pa kabowo kapansi kaja, chifukwa kabowoko n'kovuta kutsuka ndipo sindifuna magazi owola adutsemo. Firiza musaipendeke kuti madzi akhuthuke. Mukaipendeka, mafuta a mu kompuresa, injini ya firizayo, amalowa m'mapaipi, ndipo ngati mwaipendeka kale, iimeni bwino tsiku lathunthu musanaiyatse.

Kutsuka kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo ndi imene imachotsa fungo, osati ukali wa mankhwala. Yambani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Chimene chimasunga fungo ndi mafuta ndi magazi omatirira pakhoma, ndipo jiki sachotsa mafuta; akathiridwa pa litsiro mphamvu zake zimathera pa litsirolo. Tsukani kawiri, mukusintha madzi. Gwiritsani siponji yofewa, osati sitiliwulu, chifukwa timizere timene amasiya ndi momwe fungo lidzabisalemo. Mabasiketi atulutseni mukawatsukire panja n'kuwayanika padzuwa.

Mukatsukuluza ndi madzi oyera, sakanizani supuni yaikulu imodzi ya jiki wopanda zonunkhiritsa m'malita anayi a madzi. Aoneka wochepa, koma ndi wokwana. Pukutani paliponse, musiye ponyowa kwa mphindi zingapo, kenako tsukuluzaninso bwino. Ngati m'kati mwa firiza yanu ndi mwa aluminiyamu, muja mooneka ngati siliva wa tizigamba, musawonjezere muyezo ndipo musausiye nthawi yaitali, chifukwa jiki amadya chitsulo chimenechi n'kusiya madontho. Chinanso, ndipo ichi n'chokhudza moyo: jiki asakumane ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira. Akasakanizana ndi viniga amatulutsa mpweya wa kolorini, ndipo kumbukirani kuti potsuka firiza yotere mutu wanu umakhala utaweramira m'bokosi lakuya momwe mpweyawo umakhazikika.

Zoti fungo likhalabe mutatsuka kale zinandionekerapo ineyo. Ndinatsuka m'kati mpaka kunyezimira, ndikuvundikira ndili wonyada, m'mawa kutsegula fungo lili pomwepo ngati sindinagwirepo. Ndinabwereza kawiri konse ndisanazindikire kuti vuto silinali pamakoma. Linali mu labala wa chivundikiro. Labalayo ali ndi mapindo, ndipo nditawatambasula ndi chala ndinapezamo zakuda zonanda. Ndiye tengani mswachi wakale, tambasulani mpindo uliwonse kuzungulira chivundikiro chonse, mutsuke ndi madzi a soda wophikira, masupuni aakulu awiri pa lita imodzi ya madzi ofunda. Chitaninso chimodzimodzi m'ngodya zapansi, m'mizere momwe zitsulo zakumana, ndi pa kabowo kotulutsira madzi. Chotsani zotsekera zake zonse, cham'kati ndi chakunja, muzinyike m'madzi asopo, ndipo m'kabowomo mudutsitse madzi a soda kangapo. Osaiwala kunsi kwa chivundikirocho. Ambiri timatsuka zimene tikuona tikawerama, za pamwamba pa mutu n'kuziiwala.

Kenako kuumitsa, komwe kumafuna kuleza mtima kuposa zonse. Pukutani ndi nsalu youma, musiye chivundikiro chotsegula masiku awiri kapena atatu pamalo popita mphepo. Ngati muli ndi fani, ilozetseni m'katimo. Popeza muli ndi ana, chivundikirocho chimangeni kuti chisagwe, ndipo chipindacho chikhale chokhoma. Kwa mwana, bokosi lopanda kanthu ndi malo abwino obisalamo.

Fungo likatsalako pang'ono, ikani m'katimo mbale zosaya za soda wouma kapena makala ophwanyaphwanya, mudzaze manyuzipepala okwinyakwinya, mutseke masiku angapo, mukusintha mapepalawo. Zonunkhiritsa m'nyumba musapoperemo. Zimangophimba, ndipo mafuta a zakudya zimene mudzaikemo adzayamwa mafungo onse awiri.

Za kuitaya, pali njira yodziwira. Ikauma, chotsani makala aja, itsekeni isanayatsidwe kwa tsiku limodzi, kenako tsegulani mununkhize. Muyese ili yofunda, chifukwa kuzizira kumabisa fungo. Likakhala kafungo kapatali, bwerezani soda ndi mphepo, katha. Koma mukabwereza kawiri katatu fungo n'kumabwerabe lamphamvu, makamaka likuchokera m'mizere yapansi, ndiye kuti madzi owola aja analowa mu thovu louma lomwe lili pakati pa khoma lam'kati ndi lakunja. Kumeneko sikufika nsanza kapena mankhwala, ndipo firiza yotero simudzakhalanso nayo mtima woikamo chakudya. Labala yekha akakhala ndiye wakanika, ameneyo amakonza mafiriji amatha kusintha.

Kwa inuyo ndili ndi chiyembekezo, chifukwa magetsi anabwera n'kuumitsa madziwo asanakhalitse. Ikapambana mayesowo, iyatseni ilibe kanthu, mudikire ifike pa madigiri 18 pansi pa ziro musanaikemo chakudya. Ndipo ulendo wina musanachoke, umitsani madzi m'kapu, muike ndalama yachitsulo pamwamba pa ayisiyo, muisiye mu firizamo. Mukadzaipeza ili pansi pa kapu, mudzadziwa kuti zonse zinasungunuka ngakhale aneba asakuuzeni.