Loweruka lino usagwire mphika, mng'ono wanga

"Achemwali, dzulo Lachitatu usiku ndinasanza kawiri, kenako m'mimba munatseguka. Lero ndapita kanayi, komaliza cha m'ma 4 koloko madzulo, koma pano ndikumvako bwino. Loweruka ndili ndi oda yophika pa chinkhoswe cha anthu 200, theka la ndalama ndinalandira kale. Ndingomwa mapilitsi oletsa aja ndikagwire ntchito?"

Eee, mng'ono wanga, pepa kwambiri. Uthenga wako ndaumva ndili m'minibasi, ndiye ndati ndiyambe ndafika kaye kuti ndikuyankhe bwinobwino. Choyamba, ukumwa madzi? Tuma mwana akagule Thanzi, paketi imodzi usungunule mu lita imodzi ya madzi owiritsa, uzimwa pang'onopang'ono, makamaka nthawi iliyonse ukachokera kuchimbudzi. Chimenecho usachedwe nacho.

Tsopano za chinkhoswezo. Ayi, Loweruka lino usaphike. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akuwawa, koma tamvera mmene timawerengera.

Munthu wogwira chakudya cha anthu akatsegula m'mimba kapena kusanza, amadikira maola 48, ndiye kuti masiku awiri athunthu, asanabwerere kukhitchini. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi poyambira kuwerenga. Sitiyambira tsiku lomwe unayamba kudwala, komanso sitiyambira pomwe wayamba kumva bwino. Timayambira pa ulendo womaliza weniweni, kaya ndi kusanza kaya ndi chimbudzi chamadzi, chomwe chachitika pambuyo pa zonse. Iwe wati 4 koloko madzulo a lero Lachinayi. Maola 24 akwana 4 koloko Lachisanu, maola 48 akwana 4 koloko Loweruka madzulo. Nthawi imeneyo alendo adya kale, mbale zikutsukidwa. Ndipo ine ndikudziwa mmene umagwirira ntchito, nkhuku umayamba kukonza Lachisanu madzulo, thobwa ndiye umayamba kale kuposa pamenepo. Zonsezo zikugwera m'kati mwa masiku oletsedwa. Komanso tiyerekeze kuti mawa 5 koloko m'mawa wathamangiranso kuchimbudzi, ngakhale kamodzi kokha. Maola onse omwe unawerenga usikuwo afafanizika, uyambirenso, ndipo tsopano zikufikitsa Lamulungu 5 koloko m'mawa.

Udzifunsa kuti nanga masiku awiriwo ndi a chiyani poti thupi lapepuka kale. Nkhani yake ndi iyi. Kudwala kwa mtundu wakowu, kongoyamba mwadzidzidzi usiku, kusanza kenako kutsegula, n'kutha patapita tsiku limodzi kapena atatu, nthawi zambiri kumabwera ndi kavairasi kotchedwa norovairasi. Sindikunena kuti ndi komweko, popeza sunayezetse, koma lamulo la maola 48 limaganizira kwambiri tizilombo ta mtundu umenewu. Munthu wodwala amatulutsa mabiliyoni a tizilomboti m'chimbudzi ndi m'masanzi, pomwe tosafika 100 n'tokwanira kudwalitsa munthu wina. Taganiza, kadontho komwe diso silingaone, kobisala pansi pa chikhadabo. Ndipo masiku oyamba munthu atangochira ndi pomwe amakhala akutulutsabe tochuluka zedi. Thupi lako lapambana nkhondo, inde, koma m'matumbo mukutulukabe zinthu.

Mapilitsi aja, kaya ukunena loperamaidi, ntchito yake ndi kuchedwetsa matumbo kuti usamathamange pafupipafupi. Sapha kachilombo ngakhale kamodzi. Zimangokhala ngati watseka mpopi koma madzi oipa ali m'paipi momwemo. Choipa china, amakusokoneza pa kuwerenga, chifukwa sudziwa ngati m'mimba mwasiyadi kapena ndi mankhwala akugwira. Ukamwa, maola 48 aja uyambe kuwerenga mankhwalawo atatha mphamvu ndipo chimbudzi chabwerera mwakale pachokha. Ndipo ukaona magazi kapena thupi likatentha, loperamaidi usamukhudze n'komwe. Fulajilo yemwe timangogula pagolosale tikamva m'mimba kulira, nayenso sachita kanthu pa vairasi. Usamwe popanda kulemberedwa kuchipatala.

Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso anga nthawi ija ndinkayang'anira khitchini kunyanja. Tinali ndi mnyamata wolimbikira ntchito, waukhondo, yunifolomu yake yoyera mbee tsiku lililonse. Tsiku lina ndinaona akutuluka pafupipafupi, milomo itauma, akutsamira tebulo podula kabichi. Nditamufunsa anati, "Ndili bwino mayi, ndi kutentha chabe." Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti sindinafunsitse. Tsiku limenelo iye sanayandikire moto. Ntchito yake inali saladi, kudula tomato ndi anyezi, kusenda zinanazi. Mawa lake usiku alendo anayamba kugogoda kufuna thandizo, wina pambuyo pa mnzake, ndipo mayi wina wachikulire tinachita kuthamanga naye kuchipatala kukamuika diripi. Titafufuza, omwe anadya nsima ndi chambo chowotcha basi ambiri anali bwinobwino. Odwalawo anali omwe anatenga saladi ndi zipatso. Mnyamata uja anadzaulula akulira kuti anasanza usiku wonse, koma ankaopa kudulidwa malipiro a tsikulo.

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti ngozi yaikulu ili pa chakudya chomwe sichibwereranso pamoto. Mpunga ukuwira, nkhuku ili m'mafuta, moto ukugwira ntchito yake. Koma ganizira manja ako Loweruka m'mawa. Ukusakaniza saladi wa kabichi. Ukupakula mpunga, chala chikukhudza m'mphepete mwa mbale. Ukuomola nsima, chipande ukuviika m'madzi omwewo maulendo 200. Ukuthira shuga mu thobwa lomwe lazizira kale, kulawa, kutsira m'mabotolo. Ukupukuta masipuni ndi makapu. Zonsezi zimachoka m'manja mwako n'kulunjika m'kamwa mwa munthu. Ndipo pachinkhoswe pamakhala agogo, amayi oyembekezera, ana oyamwa, ena akumwa mankhwala otalikitsa moyo. Zomwe iwe wapirira masiku awiri, gogo wa zaka 80 zikhoza kumugoneka m'chipatala chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Matendawa amaonekera pakapita maola 12 mpaka 48 munthu atadya, ndiye Lamulungu ndi Lolemba mafoni ayamba kulira, ndipo aliyense adzafunsa funso limodzi, anaphika ndani?

Mwina ukuti uvala magolovesi n'kupaka sanitaiza. Sanitaiza wa mowa uja sagwira bwino pa norovairasi, sopo ndi madzi ndiye amachotsa. Magolovesi umavala ndi manja omwewo, ndipo tsiku lotanganidwa chotero ukhudza nawo chitenje, foni, chitseko, n'kubwerera pa saladi. Sizilowa m'malo mwa kukhala pakhomo.

Ndiye tichite bwanji kuti oda isakuthawe? Usikuuno imbira mnzako uja mumathandizana maoda, atsogolere ndi iyeyo, mugawane phindu. Iwe ulembe miyezo yonse papepala, makilo a mpunga, nkhuku zingati, mafuta malita angati, utumize chithunzi. Loweruka uzilamula pafoni uli pamphasa. Usapite n'komwe kumaloko kuti ukangoyang'anira, chifukwa ndikukudziwa, ukaona msuzi walowa madzi ulanda chipande. Eni chinkhoswe auze zoona lero lomwe, kuti wadwala m'mimba ndipo wakonza wina wodalirika. Munthu wanzeru akulemekeza. Kuphikako kusachitikire pakhomo pako, chifukwa chimbudzi, zitseko ndi ndowa zapakhomopo wakhala ukuzigwira. Mapoto ndi mabeseni akatengedwe ndi wina, akatsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha komwe akupitako. Ngati pali thobwa kapena china chomwe unakonza dzulo kapena lero, chitayidwe, ngakhale mtima ukuwawa. Pomwe unasanzira, munthu avale magolovesi kapena majumbo m'manja, achotse kaye zonyansazo, kenako athire jiki wosungunula, kapu imodzi ya jiki ku makapu 6 a madzi, asiye mphindi 10 asanapukute. Jikiyo osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira.

Atsikana ako awiri aja afunse mmodzimmodzi, pambali, osati pagulu, ngati wina m'mimba mukumuvuta, popeza munali limodzi sabata ino. Ndipo funsolo liyambe ndi mawu akuti ndalama yako ya tsikulo ulandirabe. Ukapanda kutero akuyankha zomwe anandiyankha mnyamata uja. Mtsikana wa ganyu amene akudikira ndalama ya Loweruka kuti alipire lendi sangaulule zam'mimba, kuonjezera apo ndi nkhani yochititsa manyazi. Ine kuchokera tsiku lija ndinaika lamulo kuti wonena yekha kuti wadwala sadulidwa kanthu, ndipo anthu anayamba kunena.

Tsono tamvetsetsa apa, chifukwa maola 48 si a matenda onse. Ukaona chimbudzi chamadzi okhaokha chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chikungotuluka chambiri, miyendo ikukokana, maso akulowa m'kati, usadikire kuche. Imeneyo ikhoza kukhala kolera, imatha kumaliza munthu m'maola ochepa, ndipo tonse tikukumbuka 2022 ndi 2023 pomwe inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ukaona magazi m'chimbudzi, kapena thupi likutentha masiku angapo ndi mutu ndi kufooka, kapena kutsegulako kwapitirira masiku atatu, pita kuchipatala ndipo uwauze poyera kuti ntchito yako ndi yophikira anthu. Mawu amenewo ndi ofunika, chifukwa akapeza taifodi sungabwerere pa mphika pongoti wachira. Ena amachira koma n'kumasungabe tizilombo miyezi, mwina zaka, ndiye amafunika kuyezedwa chimbudzi mpaka achipatala atakhutira. Maso akasanduka achikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi, chimenechonso ndi china, ukhale kutali ndi chakudya cha anthu osachepera masiku 7 kuchokera pomwe chikasucho chaoneka, ndipo akuloleze ndi adokotala.

Zikayenda bwino, Lolemba ubwerera pa ntchito. Koma dziwa kuti tizilombo timatha kumatulukabe pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndiye kusamba m'manja kukhale kwa mphamvu. Dula zikhadabo, vula mphete ndi zibangili. Sopo achite thovu, upake pakati pa zala, kuseri kwa manja, zala zazikulu ndi kunsonga, masekondi 20 osachepera, madzi ake oyenda, a pampopi kapena wina akuthirire, osati mu beseni lomwe asambamo anzako. Ukatha usapukutire pa chitenje chomwe unali nacho kuchimbudzi, kuli bwino manja aume okha. Sabata yoyambayo iwe khala pamoto, saladi ndi kupakula usiyire atsikana.

Kunyumbakonso, mawa ndi mkucha alamu kapena mwana wamkulu uja aphike, iwe ugone. Phala la kamwanako asakonze ndi iwe, koma kuyamwitsa usasiye, ungosamba m'manja kaye. Mawa m'mawa unditumizire uthenga, undiuze ngati wadzukanso usiku ndi nthawi yake yeniyeni, komanso ngati ukukodza bwinobwino. Mnzako uja akakana, undiuze usikuuno, ine Loweruka ndilibe ntchito, ndikwera yoyambirira ndidzagwire chipandecho.