Msonkhano woyamba shifiti: zoti munene ndi zoti musiye

"Andikweza kukhala kapitawo pa fakitale yolongedza ufa ku Workington, mu Harare. Ndili ndi anthu 14, timayamba 6 koloko m'mawa. Ndikawasonkhanitsa ndimayankhula mpaka mphindi 20, koma pofika 9 koloko ena amadzandifunsanso zomwe ndanena kale, ndipo mavuto ndi omwewo tsiku ndi tsiku. Ndizichita bwanji, akuluakulu?"

Achimwene, mphindi 20 zachuluka. Mphindi zisanu zikwana, zikachulukitsa zisanu ndi ziwiri. Koma kuti muyankhule mwachidule choncho muyenera kufika kotala isanakwane 6, chifukwa ntchito yeniyeni ya msonkhanowu imachitika anthu asanasonkhane. Kapitawo amene amayankhula nthawi yaitali nthawi zambiri ndi amene sanasankhe choti anene, ndiye amangokhuthula zonse zomwe wamva.

Mukafika, pezani kapitawo wa usiku asanavule ovololo. Musamufunse kuti zayenda bwanji, chifukwa munthu amene wachezera usiku wonse adzangoti zayenda bwino, maso ali pa geti. Mufunseni zinthu zoti ayankhe ndi nambala kapena ndi dzina la makina: mwalongedza matumba angati, makina anaima kangati ndipo chinawaimitsa ndi chiyani, pali chomwe mwangomanga ndi waya kuti mufike m'mawa? Funso lomalizali ndi limene limatulutsa zobisika. Kenako yendani naye limodzi kuchokera pomwe ufa umatsikira mpaka pomwe mapaleti amaunjikidwa, mukuona ndi maso anu. Zomwe zalembedwa m'buku ndi zomwe zili pansi sizifanana nthawi zonse. M'buku mungapeze kuti matumba opanda kanthu alipo okwanira, mukawerenga mitolo nkupeza kuti atha 9 koloko isanakwane.

Pa zonse zomwe mwamva ndi kuona, sankhani zitatu zokha ndipo muzilembe pa bolodi anthu asanafike. Zotsalazo ndi zanu ndi munthu mmodzi amene zikumukhudza. Nkhani ya batire ya folokolifiti ndi ya woyendetsa folokolifiti, anthu 13 enawo asaimirire kumvera zimenezo.

Tiyerekeze tsiku lina lililonse. Pali oda ya matumba 1,200 a makilogalamu 10, omwe ndi matani 12, ndipo lole inyamuka 11 koloko. Ambiri amaimirira nkunena kuti lero ntchito ilipo yambiri, tilimbikire. Mawu amenewo sauza munthu chilichonse choti achite. Inu chitani masamu musanatsegule pakamwa. Ngati makina anu akuyenda bwino amatulutsa matumba asanu pa mphindi, ndiye kuti ndi 300 pa ola, ndipo oda yonseyo ifuna maola anayi. Mukayatsa makina 6:10, kuphatikizapo mphindi 15 za tiyi, mumaliza 10:25. Mwatsala ndi mphindi 35 zokha za china chilichonse chomwe chingavute. Nambala imeneyi ndi imene anthu ayenera kuimva, chifukwa ndi imene imauza wosoka matumba kuti makina akayamba kuvuta asakhale nawo mphindi khumi akuyesa yekha.

Nambala yaikulu ngati 1,200 siigwirika m'mutu mwa munthu amene akunyamula matumba. Isandutseni chinthu chooneka. Ngati paleti imodzi imanyamula matumba 100, oda yonse ndi mapaleti 12, paleti imodzi pa mphindi 20 zilizonse. Ndiye muwauze kuti pofika 8 koloko pakhale mapaleti asanu ndi theka. Aliyense akhoza kutembenuka nkuwerenga yekha, ndipo 8 koloko ikakwana pali anayi okha, simufunikanso kukuwa, onse aona.

Chinthu china chomwe makapitawo atsopano amaopa kunena ndi chomwe chisiyidwe. Mukanena kuti oda ya lole ndi yofunika, matumba a makilogalamu 5 ndi ofunikanso, kusesa ku sitolo nakonso ndi kofunika, ndiye kuti simunasankhe kanthu, ndipo zinthu zikathina aliyense asankha yekha. Nenani poyera kuti a makilogalamu 5 adikire mpaka lole itatuluka, ngakhale wina wa ku ofesi abwere kudzawafunsa, ndipo wofunsayo amutumize kwa inu.

Tsopano mavuto odziwika, pomwe pali mutu wa funso lanu. Vuto limabwerera tsiku ndi tsiku chifukwa limanenedwa mwatheka. Kunena kuti sikelo ikuvuta, muzisamala, sikuthandiza: kusamala kwake ndi kotani? Vuto lililonse muzilinena mpaka munthu adziwe malo ake, chizindikiro chake, choti achite akachiona, ndi amene akukonza komanso nthawi yake.

Tengani sikeloyo. Fumbi la ufa likaunjikana kunsi kwa thabwa lake limayamba kulichirikiza, sikelo nkumaonetsa kulemera kochepa kuposa kwenikweni, ndiye matumba amadzaza mopitirira. Pa galasi pakuoneka 10.0 koma thumba lili ndi 10.1. Magalamu 100 amaoneka ochepa, koma pa matumba 1,200 ndi makilogalamu 120, matumba 12 athunthu operekedwa ulere. Ufa ukatayikira pamwamba pa thabwalo osabwezera sikelo pa ziro, zimatembenuka: matumba amatuluka operewera ndipo wogula adzawabweza. Ndiye pa msonkhano munene motere: "Sikelo yachiwiri usiku imadzaza mopitirira ndi magalamu 100. Tayeretsa kunsi ndipo tayesa ndi mwala wa makilogalamu 10, panopa ili bwino. Mayi amene muli pa sikeloyo, paleti iliyonse ikakwana tengani thumba limodzi mukaliyese pa sikelo yapansi. Likasiyana ndi magalamu oposa 50, imitsani mundiitane. Amakaniko abwera 2 koloko masana kudzaiona." Malire a magalamuwo mutenge omwe fakitale yanu inakhazikitsa, 50 ndi chitsanzo chabe. Zonsezi sizifika ndi theka la mphindi, koma palibe amene adzabwerenso 9 koloko kudzafunsa.

Makina osokera matumba ndi chimodzimodzi. Ambiri amasoka ndi ulusi umodzi wolukana wokha, moti akadumpha pamalo amodzi msoko wonse umatha kumasuka thumba likaponyedwa mu lole. Chimayambitsa kawirikawiri ndi singano yopindika kapena yobuntha, apo ayi ulusi wolekerera kapena wothina kwambiri. Wosoka auzidwe kuti aziyang'ana kunsi kwa msoko, osati pamwamba pokha, ndipo auzidwe pomwe singano yapadera yaikidwa. Singano ikakhala yotsekeredwa mu ofesi ya munthu amene amafika 8 koloko, mphindi zanu 35 zija zikhoza kuthera pomwepo.

Za magetsi, muno mu Harare palibe amene amadabwa akathima, ndiye kunena kuti mwina athima ndi kutaya mawu. Chofunika ndi kunena amene ayatse jeneleta, dizilo alipo wa maola angati, ndi makina ati omwe jeneletayo singawakoke onse pamodzi. Muwakumbutsenso kuti magetsi akathima azimitse makina pa swichi, chifukwa pali makina ena omwe amanyamuka okha magetsi a ZESA akabwerera, mwina dzanja la munthu lili pa lamba.

Nkhani ya ngozi, ikakhalapo, ndiyo yoyamba kunena, oda ibwere pambuyo. Koma ikhale ngozi ya lero, ya pamalo pake. Kubwereza m'mawa uliwonse kuti muzivala nsapato ndi zotseka pamphuno kumasanduka nyimbo yomwe palibe akuimva. Ngati chotchingira lamba chachotsedwa, nenani kuti makinawo ali ndi loko pa swichi, kiyi ali ndi amakaniko, ndipo palibe woyatsa mpaka chotchingira chitabwerera. Mulembe m'buku tsiku, nthawi ndi zomwe mwanena, anthu asayine. Munthu akadzavulala nkhani nkufika ku NSSA, bungwe la boma loona za ngozi za pantchito, mudzafuna chosonyeza kuti vuto linadziwika liti ndipo munachitapo chiyani, ndipo kukumbukira kwa pakamwa sikudzakuthandizani.

Vuto lililonse pa bolodi likhale ndi deti lomwe linayamba. Likafika tsiku lachitatu lisanakonzedwe, si nkhani ya msonkhano wa m'mawanso, ndi yoti mupite nayo kwa abwana anu molemba, ndi mphindi zomwe ladya tsiku lililonse. Mukamangolibwereza kwa antchito, amaphunzira kuti zomwe amanena sizipita kulikonse, ndipo amasiya kukuuzani zatsopano. Likakonzedwa nenaninso, nkulifufuta iwo akuona.

Pomaliza musafunse kuti mwamva nonse. Onse agwedeza mutu, makamaka pamaso pa kapitawo watsopano amene sakufuna kumuchititsa manyazi. Funsani munthu mmodzi, mwaulemu: "Abambo, pofika 8 koloko tikhale ndi mapaleti angati?" Mawa mufunse wina. Akalephera, bwerezani inuyo mosamunyoza, poti nthawi zambiri ndiye kuti simunamveke. Kenako funsani ngati pali amene waona china chomwe simunatchule, nkukhala chete masekondi khumi athunthu. Amaoneka aatali, koma amene ali ndi mawu amayankhula kumapeto kwake. Nkhani ikayamba kutalika, iduleni: tikambirane awiri tikabalalika. Za malipiro, ovataimu ndi kudzudzula munthu amene analakwitsa dzulo, zimenezo sizilowa muno ngakhale pang'ono. Mukadzudzula mmodzi pagulu, mawa lake palibe adzakuuzeni kuti singano yathyoka.

Pa chiyankhulo, gulu lanu mwina ndi losakanikirana, ena Chishona, ena Chichewa cha kunyumba, ena anazolowera Chingerezi cha pa ntchito. Yankhulani chomwe ambiri amamva bwino, koma manambala ndi nthawi zikhale pa bolodi, ndipo makina muziwatchula ndi dzina limodzi lomwe aliyense amalidziwa. Imirirani pafupi ndi bolodilo, kutali ndi phokoso, makina asanayatsidwe.

Ochedwa musawadikire. Wochokera ku Mabvuku kapena ku Chitungwiza amakwera makombi awiri kuti afike ku Workington, ndipo tsiku lina adzachedwa ndithu. Mukadikira mmodzi mphindi khumi, ndiye kuti anthu 13 aima chabe ndipo theka la paleti lapita. Yambani 6 koloko yeniyeni. Wochedwayo akafika awerenge bolodi, abwere kwa inu akuuzeni zomwe wawerenga, asayine m'buku, kenako apite pamalo pake.