Kamakina ka TDS sikaona tizilombo

"Tangokumbitsa mjigo kwathu ku Jali. Ndinagula kamakina koyezera madzi, kawonetsa 310, ndipo wogulitsa anati bola nambala isapitirire 500. Madziwo ndi oyera mbee. Ana angamwe osathira mankhwala?"

Mayi, yambani mwawathira klorini kapena kuwawiritsa kufikira mutayezetsa zina. Kamakina kanuko, kolembedwa TDS, kamangoyeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi. Nambala ya 310 ndi nkhani yabwino ndithu, chifukwa m'chigwa cha Chilwa muli mijigo ina ya madzi amchere oti sopo sachita thovu. Koma tizilombo ta kolera kapena ta taifodi kamakinako sikationa. Madzi olowa zam'chimbudzi angathe kuwonetsa 310 yemweyo, ali oyera chimodzimodzi.

Choyezera cha pakhomo chomwe ine ndimachidalira ndi kabotolo ka H2S. Mkati mwake mumakhala kapepala kapena ufa wamankhwala. Mukathiramo madzi n'kutseka, tizilombo ta m'chimbudzi tikakhalamo timatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo madziwo amada bii. Pezani tiwiri. Koyamba mudzaze pa mjigo penipeni: pukutani kukamwa kwa paipi, popani madzi atayike kwa mphindi zingapo kuti achoke amene anagona m'mapaipi, sambani m'manja, ndiye mutsegule kabotolo osakhudza mkati mwa chivindikiro. Kachiwiri mutunge mu ndowa ya m'nyumba ndi kapu imene ana amamwera. Lembanipo kuti musasokoneze.

Muziike pamalo ofunda koma osati padzuwa, muone pakatha maola 24, kenako 48. Tizilomboti timaswana msanga kukamatentha, ndiye mukayeza mu Juni kapena Julaye, ndi kuzizira kwa ku Zomba kuno, dikirani mpaka tsiku lachitatu musanasangalale.

Tinene kuti ka pa mjigo sikanasinthe koma ka mu ndowa kada. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo wolakwa si mjigo. Ndi ndowa yosavundikira, kapu yoviikidwa ndi manja, kapena masamba aja timaika pamwamba kuti madzi asatayike posenza. Apo sipafunika labotale, pafunika chigubu chapakamwa pang'ono ndi klorini. Koma tikada tonse tiwiri, pitani mukayendere mjigowo. Simenti yozungulira yang'aluka? Madzi akudikha m'munsi mwa mpope, mbuzi n'kumamwapo? Chimbudzi kapena khola lili pafupi kuposa mamita 30, makamaka chakumtunda? Dziwaninso kuti kabotoloka nthawi zina kamada chifukwa cha tizilombo ta m'nthaka tosadwalitsa, ndipo sikanena kuchuluka kwake. N'chifukwa chake mawu omaliza amakhala a labotale.

Mjigo watsopano uyenera kupita ku labotale ngakhale mabotolo onse atakhala oyera. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zamadzi ya boma la Zomba, akuuzani koyenera kupititsa. A Malawi Bureau of Standards ku Blantyre nawonso amayeza madzi. Botolo mukatenge kwa iwowo, lophedwa kale tizilombo, osati la fanta lotsukuluza. Mukatunga, liikeni m'bokosi lozizira muli madzi oundana, lifike pasanathe maola 6 ngati n'kotheka. Likagona panjira kupitirira maola 24 zotsatira zake n'zosadalirika, ndiye tungani m'mamawa tsiku la ntchito, osati Lachisanu masana.

Pepala likabwera, musangoyang'ana mawu oti madzi akhoza. Muyezo wa dziko lino wa mijigo ndi zitsime ndi wofewerapo kuposa wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndiye onani manambala enieni. Malinga ndi WHO, mzere wa E. coli, tizilombo tosonyeza kuti m'madzi mwalowa zam'chimbudzi, uyenera kukhala 0 pa mamililita 100 aliwonse. Nayitireti, amene amachokera ku zimbudzi ndi feteleza, asapitirire 50 mg/L, kutanthauza mamiligalamu 50 pa lita imodzi, ndipo ameneyu ngoopsa kwambiri kwa khanda lomwa mkaka wosungunula. Fulorayidi, mchere wochokera m'miyala ya pansi pa nthaka, asapitirire 1.5 mg/L, akachuluka, ana okulira pamadziwo amatuluka mano a mawanga ofiirira, choncho yang'ananiko mano a ana oyandikana nanu omwe amamwa pa mijigo yakale. Awiriwa klorini sawachotsa, ndipo kuwiritsa kumangowachulukitsa chifukwa madzi amaphwera. Akapezeka okwera, madzi akumwa muzikatunga kwina, anuwo akhale ochapira ndi osamba.

Madzi osanduka ofiira akagona mu ndowa nthawi zambiri ndi chitsulo cha m'nthaka kapena dzimbiri la mapaipi. Amathimbiriritsa zovala koma si amene amatsegula m'mimba.

Mukayeza nyengo youma, mudzabwerezenso ka H2S mvula ikakhazikika cha mu Januwale, ndiponso nthawi iliyonse imene amakaniko azula mapaipi pokonza mjigo.