Kuika u m'malo mwa x pa limiti: kodi −1 wachokera kuti?

Funso: Abale a m'gulu muno, ndili chaka choyamba ku yunivesite ku Mount Pleasant kuno ku Harare. Tapatsidwa lim (x→π) sin x / (x − π). Ndinaika u = x − π, ndikupeza sin u / u, yankho 1. Koma papepala la mayankho alemba −1. Ndalakwitsa pati? Nanga kusintha x kukhala u kumaloledwa nthawi zonse?

Yankho: Achemwali, u munamusankha bwino ndithu, koma munamulowetsa pansi pokha. Pamwamba munangofufuta x n'kulembapo u, ngati kuti x ndi u ndi nambala imodzi. Ngati u = x − π, ndiye kuti x = u + π, ndipo pamene panali sin x payenera kukhala sin(u + π). Tsopano tambasulani:

sin(u + π) = sin u cos π + cos u sin π = −sin u

popeza cos π = −1 ndipo sin π = 0. Pamene x akuyandikira π, u akuyandikira 0, choncho funso lasanduka lim (u→0) (−sin u / u) = −1. Papepala paja alemba zoona.

Mukhoza kudzitsimikizira nokha ndi kakyuleta. Tengani x = π + 0.1. Pamwamba mupeza −0.0998, pansi 0.1, kugawa kukupatsani −0.998. Muyang'ane kaye kuti pagalasi pakuoneka RAD, chifukwa pakakhala DEG nambala yomweyo ikupatsani pafupifupi 0.57, yomwe siyikugwirizana ndi chilichonse pano. Lamulo lakuti sin u / u imapita ku 1 limagwira m'maradiyani mokha.

Nthawi iliyonse mukasintha chilembo, zinthu zitatu zimasamukira pamodzi: zapamwamba, zapansi, ndi kamuvi kaja kolembedwa m'munsi mwa lim. Mukamaliza pasatsale x ngakhale mmodzi. Njira yabwino ndi kulemba mizere iwiri pambali musanagwire funsolo: woyamba wonena x ndi chiyani potengera u, wachiwiri wonena kumene u akupita. Ambiri amadumpha mzere woyambawo, ndipo chizindikiro chochotsera chimatayikira pomwepo.

Kusintha chilembo kumapindulitsa pamene mwalowetsa nambala n'kupeza 0/0, ndipo mukuona kuti chinthu chimodzi ndicho chikuphimba funso lomwe mumalidziwa kale. Taonani ili, lomwe limaonetsa mphamvu yake bwino kuposa lanu lija:

lim (x→1) (∛x − 1) / (√x − 1)

Kuika 1 kukupatsa 0/0. Chovuta apa ndi maruti awiri osiyana, wa 3 pamwamba ndi wa 2 pansi. Funani nambala yaing'ono kwambiri imene 2 ndi 3 onse amalowamo popanda chotsala, yomwe ndi 6, ndipo muike x = t⁶, t akhale woposa 0. Pamenepo ∛x = t² ndipo √x = t³. Ngati mukukayika, yesani x = 64: t ndi 2, ∛64 ndi 4, √64 ndi 8, zikugwirizana. Pamene x akupita ku 1, t nayenso akupita ku 1. Maruti onse atha, chatsala ndi ichi:

(t² − 1) / (t³ − 1) = (t − 1)(t + 1) / [(t − 1)(t² + t + 1)]

Tikhoza kufafaniza (t − 1) pamwamba ndi pansi chifukwa t akungoyandikira 1, safikapo. Chotsala ndi (t + 1) / (t² + t + 1), ndipo pa t = 1 chikupereka 2/3. Pa kakyuleta x = 1.01 akupatsani 0.666. Mukadaika t = √x, ruti wapansi akadatha koma wapamwamba akadatsala, funso lili chikhalire. Ndiye poyesera pake ndi pamenepa: mukasintha n'kuona kuti chovuta chija chikadalipo, u ameneyo sanakuthandizeni, funani wina.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lofunika kuposa loyamba. Ayi, sikuloledwa nthawi zonse. Mukaika u = g(x), mumakhala mukutenga limiti ya fankishoni imene ili m'kati mwa inzake, f(g(x)). Mumanena kuti g(x) ikupita ku L, ndipo f(u) ikupita ku M pamene u akupita ku L, choncho f(g(x)) ikupita ku M. Mawu amenewa amaoneka osakayikitsa, koma ali ndi kabowo. Limiti ya f pa L siyisamala zimene f imachita pa L penipenipo, imangoyang'ana oyandikana napo. Koma g(x) ikhoza kuponda pa L penipenipo, ndipo ikatero f imapereka f(L), osati M.

Nachi chitsanzo. Tinene kuti f(u) = sin u / u pamene u si 0, koma f(0) = 5. Limiti ya f pa 0 ndi 1, ndipo 5 uja alibe nayo gawo. Tsopano tengani g(x) = x sin(1/x). Iyi imapitadi ku 0 pamene x akupita ku 0, chifukwa sin(1/x) sipitirira 1 kapena kutsika pansi pa −1, ndipo x yemwe akuichulukitsa akunka nachepa. Koma panjira imakhudza 0 weniweni pa x = 1/π, 1/(2π), 1/(3π) ndi kupitirira, kutanthauza 0.318, 0.159, 0.106, osatha. Pa malo onsewa f(g(x)) imalumphira pa 5, pakati pake imabwerera pafupi ndi 1. Ngakhale muyandikire 0 chotani, kulumphako sikuleka, choncho limiti palibe. Munthu wongoika u = g(x) akadalemba 1 molimba mtima.

Kuti kusinthako kukhale kovomerezeka, pakufunika chimodzi mwa ziwiri izi. Mwina f ikhale yosaduka pa L, kutanthauza kuti f(L) ndi M yemweyo, ndiye kaya g iponde pa L palibe chosintha. N'chifukwa chake pa lim (x→2) √(x² + 5) mumangolowetsa 2 n'kupeza √9 = 3. Kapena g(x) isafike pa L pa manambala oyandikana ndi kumene x akupita. Funso lanu lija linadutsira khomo lachiwirili: sin u / u ilibe yankho pa u = 0, koma x − π sakhala 0 pokhapokha x atakhala π weniweniyo, amene limiti siyimukhudza. Pa mayeso lembani mzere umodzi wonena zimenezi, wochonga aone kuti mukudziwa chifukwa chake mwaloledwa.

Chinanso choti muchenjere nacho ndi u = 1/x pamene x akupita ku 0. Apa u sapita kumodzi. x akamachokera kumanja, u amapita ku +∞. Akamachokera kumanzere, amapita ku −∞. Pa e^(1/x), x = 0.1 akupereka e¹⁰, pafupifupi 22,026, pomwe x = −0.1 akupereka 0.000045. Mbali ziwirizi muzitenge payokhapayokha, ndipo zikasiyana chonchi mulembe kuti limiti palibe.

Yesani ili madzulo ano muike ntchito yanu yonse muno, osati yankho lokha: lim (x→π/2) cos x / (x − π/2). Yambani ndi x = u + π/2, ndipo muyang'anitsitse chizindikiro cha cos(u + π/2).