Ntchito inatha, ngongole ikukwera, tulo sitikubwera: muyambire pati?

"Anatichotsa ntchito miyezi isanu yapitayo pochepetsa antchito, nditagwirako zaka zinayi. Lendi ya K80,000 ndatsalira miyezi iwiri, ndili ndi katapila wa K100,000 amene amabereka K50,000 pamwezi, fizi ya mwana ikubwera. Makalata ofunsira ntchito ndatumiza ambiri, yankho palibe. Ndimadzuka cha m'ma 3 koloko usiku mutu uli piringupiringu, ana ndikungowakalipira. Anthu akuti ndisamaganize kwambiri. Nditani?"

Achimwene, malangizo akuti musamaganize sangagwire ntchito, chifukwa zimene zikukudzutsanizo ndi zenizeni. Mutu wa munthu ukaona chinthu choopsa chosamalizidwa umachibweretsa mobwerezabwereza, makamaka usiku pamene palibe china choumangira. Choipa ndi chakuti nthawi imeneyo palibe ofesi yotsegula, palibe munthu woti mumuimbire, ndiye maganizowo amangozungulira osafika pa chigamulo. Mukadzuka muli otopa, kupsa mtima kumakhala pafupi, zimene munafuna kuchita tsikulo zimalephereka, ndipo usiku wotsatira pamakhala chowonjezera choganizira. Kuti zimenezi ziduke, kuganizako kuchoke usiku kupite masana, komanso kuchoke m'mutu kupite papepala.

Tengani kope ndi cholembera, nthawi ya m'mawa mutadya kanthu. Lembani chilichonse chimene chikukudetsani nkhawa, chimodzi pamzere wake. Chiganizo ngati "zinthu zavuta" sichiloledwa pamenepa. Nkhani iliyonse ya ndalama ikhale ndi zinthu zitatu: ndi zingati, ndi za ndani, zikufunika liti. Anthu ambiri amaopa gawo limeneli kuposa ena onse, ndipo tsiku loyamba mtima umatha kuwawa kwambiri nambala zikaonekera poyera. Komabe ngongole ya K260,000 yolembedwa ili ndi malire, pamene ya m'mutu ilibe.

Mukatero, gawani mizereyo patatu. Pali zimene simungazisinthe ngakhale pang'ono: mtengo wa chimanga, kugwa kwa kwacha monga zinachitikira mu Novembala 2023 itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chiganizo cha kampani chochepetsa antchito, ndi katapila amene munatenga kale. Pali zimene zili m'manja mwanu kwathunthu: nthawi yodzuka, munthu amene mumuimbire lero, ndalama zimene zituluke m'thumba sabata ino. Ndiye pali gulu lapakati, limene ndilo limasokoneza anthu: zinthu zimene mungazikankhe koma chigamulo ndi cha wina. Kulembedwa ntchito kuli pamenepa. Kuti alandilodi akudikireni kulinso pamenepa. Munthu akaika zimenezi m'gulu la "zili m'manja mwanga", kalata iliyonse yosayankhidwa imakhala ngati umboni wakuti iye ndi wolephera. Akaziika m'gulu la "sindingachitepo kanthu", amagona m'nyumba osayesanso. Choyenera ndi kudula mzere uliwonse wapakatiwo pawiri. "Kupeza ntchito" kukhale "kuimbira anthu atatu amene ndinagwira nawo ntchito pofika Lachisanu", limenelo ndi gawo lanu, ndipo yankho lawo ndi gawo lawo.

Tsopano sankhani vuto limodzi lokha. Njira imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa Friendship Bench, imene inayamba ku Harare mu 2006 motsogozedwa ndi dokotala Dixon Chibanda, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala ndi munthu pabenchi, n'kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi lotheka, kupeza njira zingapo ndi kugwirizana chochita sabata imeneyo. Kwa inu, ine ndingasankhe katapila, ngakhale kuti amene akuchita phokoso kwambiri pakhomo mwina ndi alandilodi. Chifukwa chake ndi masamu. Lendi yotsalira ya K160,000 ikhalabe K160,000 mwezi wamawa, kungowonjezerapo ya mwezi watsopano. Katapila akamalandira chiwongoladzanja chokha, m'miyezi inayi mukhala mutapereka K200,000 koma K100,000 ija ili chilili. Mukalephera kupereka, iye n'kumawerengera chiwongoladzanja pa zonse, K100,000 imakhala K150,000, kenako K225,000, mwezi wachitatu K337,500. Ngongole imene imabereka ndiyo yoyamba kuiphera.

Lembani njira zonse zimene zingabwere m'mutu, osaziweruza kaye: kugulitsa chinthu cha m'nyumba chimene sichibweretsa ndalama, kubwereka kwa wachibale popanda chiwongoladzanja, kubwereka ku banki m'khonde kudzera mwa mayi akunyumba ngati ali m'gulu, kukambirana ndi mwini katapila kuti aimitse chiwongoladzanja mukamupatsa gawo lalikulu nthawi imodzi. Banki m'khonde nayonso imabereka ndipo kulephera kubweza kumeneko kumawononga ubale ndi anthu oyandikana nawo, ndiye pitaniko pokhapokha mukudziwa kumene ndalama yobwezera ichokere. Chimene musachite ndi kutenga ngongole ya pafoni kapena katapila wina kuti mutseke woyambayo. Ndipo chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, pakhale mboni, ndipo mukapereka ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wotsimikizira musaufufute.

Pali ndalama zina zimene simunazitchule, ndipo n'kutheka kuti zili m'gulu limene mungalikankhe. Malamulo a ntchito m'Malawi amati munthu wochotsedwa pochepetsa antchito alandire ndalama ya chipukuta misozi: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyambirira. Pa zaka zinayi ndiye masabata asanu ndi atatu, pafupifupi malipiro a miyezi iwiri, kuphatikizapo masiku a tchuthi amene simunapume. Ngati simunalandire, tengani kalata yokuchotserani ntchito ndi mapepala a malipiro mupite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo musachedwe chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake. Palinso penshoni, imene inu munkadulidwa 5 peresenti abwana n'kuikapo 10 peresenti. Lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu amene wakhala miyezi itatu osagwira ntchito kupempha gawo lina la ndalamazo. Funsani kukampani yosunga penshoniyo kuti muli ndi zingati, ndipo muone ngati abwana ankaperekadi mwezi uliwonse. Kutapa penshoni n'kudya za ukalamba, sindikubisirani. Koma kuisiya ikubereka pang'onopang'ono kwinaku mukulipira 50 peresenti pamwezi n'kutaya ndalama.

Pitani kwa alandilodi musanaitanidwe. Munthu wothawa amaoneka ngati sadzalipira. Nenani nambala imene mungakwanitsedi, monga K20,000 pa sabata ziwiri zilizonse, ndipo muisunge. Lonjezo laling'ono losungidwa limagula nthawi yambiri kuposa lalikulu losweka. Ngati pakatha miyezi iwiri palibe chasintha, kusamukira m'nyumba yotsika mtengo ndi chiganizo choti muchipange nokha, musanatulutsidwe. Kusukulu chimodzimodzi: kaonaneni ndi ahedi teremu isanayambe, mupemphe kulipira pang'onopang'ono.

Zonsezi zikufuna kuti mayi akunyumba aone kope lija. Amuna ambiri amabisa katapila poopa manyazi, ndiye amanyamula zinthu ziwiri, ngongole ndi chinsinsi. Mkazi amaona kukalipa ndi kusagona koma osadziwa gwero, n'kuyamba kuganiza zina. Nkhaniyi ikambidwe masana ana kulibe, nambala zili patebulo.

Pa zofunafuna ntchito, ikani malire a nthawi: maola awiri m'mawa, masiku asanu pa sabata, basi. Kukhala tsiku lonse mukuyang'ana foni kumatha bandulo ndi mtima womwe. Kumapeto kwa sabata werengani zimene mwachita: makalata angati, anthu angati mwalankhula nawo, malo angati mwafikako ndi miyendo. Ngati mwatumiza makalata makumi awiri osaitanidwa ngakhale kamodzi, pezani munthu amene analembapo anthu ntchito ayang'ane mapepala anu, chifukwa vuto lingakhale kalembedwe, kapena mukufunsira malo osagwirizana ndi zimene munachita. Aliyense wofuna ndalama kuti akupezereni ntchito ndi wakuba. Maola otsalawo muziwapatsa chochita chodziwika: ganyu, kuthandiza pa geni ya pakhomo, kuyenda wapansi kwa mphindi 30. Ntchito ikatha, munthu sataya malipiro okha, amatayanso nthawi yodzuka, anthu ocheza nawo ndi chifukwa chosambira m'mawa. Zimenezi zikasowa, mtima umagwa ngakhale mwa munthu amene chakudya ali nacho. Musadikire kuti mumve kufuna kutuluka, chifukwa chilakolakocho chimabwera mutayamba kale kuyenda.

Za usiku tsopano. Ikani nthawi yodandaula, mphindi 20 tsiku lililonse cha m'ma 5 koloko madzulo, osati pabedi. Nthawi imeneyo tsegulani kope, lembani chatsopano, sankhani cha mawa. Nkhawa ikabwera 3 koloko, lembani mawu awiri kapena atatu pakapepala n'kuiuza kuti muonana madzulo. Masiku oyamba izibwerabe, musadabwe. Zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti mutu ukhulupirire kuti nkhaniyo siiwalika. Mukakhala maso kupitirira mphindi 20, tulukani pabedi mukakhale pampando mumdima, foni osaigwira, mpaka tulo tibwere. Dzukani nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse ngakhale mwagona pang'ono, ndipo tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku, nthawi yomwe mukuvutika nayoyo. Kubetcha nako kumadzionetsa ngati chinthu chimene mungachitepo kanthu, pamene zotsatira zake zili m'gulu loyamba lija la zimene simungazisinthe.

Njira ya kopeyi ili ndi malire ake. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli wokhumudwa, zimene munkakondwera nazo sizikukomanso, chakudya sichikulowa, thupi lalefuka ndipo mukudziona wopanda pake, amenewo angakhale matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Chizindikiro china n'chakuti mwalemba chochita chaching'ono, monga kuimba foni imodzi, koma masiku akudutsa mukulephera. Pitani kuchipatala cha boma, munene zonse, osangoti mutu ukuwawa, ndipo mufunse namwino kapena dokotala woona za maganizo. Zipatala za m'maboma zimakhala nawo, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Akakupatsani mankhwala, amatenga masabata awiri kufika anayi kuti muyambe kumva kusintha, ndiye musawasiye sabata yoyamba. Ngati maganizo akuti banja lingapepukidwe inu kulibe ayamba kubwera, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu mmodzi lero, mumupatse asunge tameki, mankhwala a m'munda ndi mapiritsi onse amene ali m'nyumba, ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.